Kuyera pa Ekisireyi ya Chifuwa: Ndi Chibayo Kapena Ndi Madzi?

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI: Lero tikulankhula makamaka ndi inu ogwira ntchito m'zipatala za kuno kwa Njewa ndi madera oyandikana nawo: Chitedze, Mpingu, Namitete, Nsaru, Kabudula mpaka ku Nambuma. Tikulankhulanso ndi ophunzira a ku Malawi College of Health Sciences amene angoyamba kumene kuyenda m'mawodi. Wodwala mwamutumiza kukajambulitsa chifuwa, wabwera ndi chithunzi, ndipo m'munsi mwa phapo limodzi mwayera mbee. Kodi chimenechi n'chibayo chomwe chagwira chigawo cha phapo, kapena ndi madzi amene azungulira phapolo? Ndili ndi a dokotala amene akhala akuwerenga zithunzi zotere kwa zaka zambiri. Mwaswera bwanji a dokotala?

A DOKOTALA: Ndaswera bwino mayi, kaya inu. Ndikupatsanso moni anzanga onse amene akumvera, makamaka amene ali pa ntchito ya usiku.

MUULUTSI: Ndaswera bwino, zikomo. Pawailesi sitingaonetse chithunzi. Tiphunzira bwanji?

A DOKOTALA: Aliyense atenge pepala ndi cholembera. Ajambule mapapo awiri, mtima pakati koma wopendekera mbali imodzi, ndi mzere wa kholingo wotsika kuchokera kukhosi. Pansi pa phapo lililonse ajambule mzere wokhota ngati uta, umenewo ndi mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, womwe kuchipatala timautcha dayafulamu. Zonse zomwe ndinene azizilemba pa pepalapo.

Tiyambe ndi mitundu. Pa ekisireyi mpweya umaoneka wakuda, chifukwa kuwala kwa makinawo kumangodutsa. Fupa limaoneka loyera. Nanga madzi, mafinya, magazi ndi mnofu wa mtima? Zonsezi zimaoneka mofanana, zotuwa moyererako. Makina sangasiyanitse madzi ndi mafinya, ndipo sangasiyanitse mafinya ndi mtima. Choncho kuyera pakokha sikukuuzani matenda. Chimene chingakuuzeni ndi malo amene kuyerako kwakhala ndi maonekedwe a m'mphepete mwake.

MUULUTSI: Ndiye kusiyana kwa matenda awiriwa m'thupi n'kotani?

A DOKOTALA: Ganizirani chinkhupule chouma chomwe chadzaza bwino m'kachidebe. Chinkhupulecho ndi phapo, kachidebeko ndi chifuwa. Pa chibayo, timabowo ta chinkhupule tadzaza ndi mafinya, koma chinkhupulecho chili pamalo pake ndipo kukula kwake sikunasinthe. Izi ndi zimene pa lipoti amalemba kuti konsolideshoni. Pa vuto linalo, chinkhupule chilibe kanthu m'kati, koma madzi alowa pakati pa chinkhupule ndi khoma la chidebe, ayamba kudikha pansi ndipo akuchifinyira m'mwamba. Phapo limakutidwa ndi nembanemba ziwiri, ina yomatirira ku phapo, ina yomatirira ku nthiti, ndipo madziwo amakhala pakati pa ziwirizi. Pa lipoti amalemba kuti ifyuzhoni.

Kusiyanaku kumafika mpaka pa chithandizo. Mafinya amene ali m'timatumba ta phapo simungawapope ndi singano, amafuna mankhwala. Madzi ozungulira phapo mungawapope, ndipo nthawi zambiri muyenera kutengako pang'ono kuti muwayeze. Mukasokoneza ziwirizi, mwina mubaya phapo lodwala popanda chotulukamo n'kulibowola, kapena mupatsa munthu mankhwala a chibayo mobwerezabwereza pamene m'chifuwa mwake muli madzi a chifuwa chachikulu.

MUULUTSI: Chabwino. Chithunzi chili m'manja. Choyamba n'chiyani?

A DOKOTALA: Choyamba musathamangire poyera paja. Diso limakokedwa ndi poyera, ndiye muzilikaniza. Werengani dzina ndi tsiku, mutsimikize kuti chithunzichi n'cha munthu amene wakhala patsogolo panuyo. Kenaka pezani chilembo `R` kapena `L` pakona. Chithunzi chimaikidwa ngati mukuyang'anizana ndi wodwala, kotero dzanja lake lamanja lili kumanzere kwanu.

Chachiwiri, funsani kuti anamujambula ataimirira kapena atagona. Nthawi zambiri pachithunzi pamalembedwa `PA` ngati wodwala anaimirira atatsamiritsa chifuwa pa mbale ya makina, ndipo `AP` ngati anajambulidwa kuchokera kutsogolo, kawirikawiri ali pabedi chifukwa chofooka. Pa nkhani yathuyi funsoli ndi lalikulu, chifukwa madzi amatsata kumene thupi lapendekera. Munthu akaimirira amatsikira pansi. Akagona chagada amayalana kumsana konse.

Chachitatu, onani ngati anapuma mokwanira. Werengani nthiti zakutsogolo, zomwe zimatsetsereka kulowera pakati: muyenera kuona pafupifupi 6 pamwamba pa dayafulamu. Mukapeza 4 zokha, ndiye kuti munthuyo sanakoke mpweya wokwanira, ndipo m'munsi mwa mapapo onse mudzaoneka moyererako ngakhale mulibe matenda. Pomaliza onani mafupa awiri opingasa a m'munsi mwa khosi. Mitu yake ya m'kati italikirane mofanana ndi fupa la msana. Ngati wodwala anapotoka, kholingo lidzaoneka ngati lasunthira mbali imodzi pamene silinasunthe, ndipo posachedwa mumva chifukwa chake zimenezi zingakusocheretseni.

MUULUTSI: Tsopano tifike poyera paja.

A DOKOTALA: Eya. Ine ndimayamba ndi m'mphepete mwa pamwamba pa kuyerako, chifukwa mpamene pamanena zambiri. Ikani chala pamene kuyera kukuthera ndipo kuda kukuyambira, n'kutsata mzerewo kuchokera pakati pa chifuwa kupita kunthiti.

Ngati ndi madzi ndipo wodwala anaimirira, mzerewo umakhala wosalala, wooneka bwino, ndipo umakhota: umatsika pakati, kenaka umakwera ukamayandikira kukhwapa. Mbali ya kunthiti imakhala pamwamba kuposa mbali ya kumtima. Pansi pa mzerewo kuyera kumakhala kofanana ponseponse, kopanda mawangamawanga, ndipo simuona mitsempha ya phapo m'katimo. Dayafulamu ya mbali imeneyo imabisika. Jambulani mzere umenewu pa pepala lanu, muukweze kunthiti.

Madzi akakhala ochepa, chizindikiro choyamba chimaoneka pakona pamene dayafulamu imakumana ndi nthiti. Mwa munthu wabwinobwino kona imeneyi ndi yosongoka ndiponso yakuda. Madzi akayamba, imafufutika n'kukhala yobulungira. Koma dziwani kuti pachithunzi chakutsogolo konayi siisintha mpaka madzi atafika pafupifupi mamililita 200. Pachithunzi cha m'mbali, kona yakumsana ndi yakuya kwambiri ndipo imaonetsa madzi ngakhale a mamililita 50. Choncho kona yosongoka pachithunzi chakutsogolo sikutanthauza kuti madzi mulibiretu.

MUULUTSI: Nanga chibayo, m'mphepete mwake mumaoneka bwanji?

A DOKOTALA: Chibayo sichitsata kupendekera kwa thupi, chimatsata malire a zigawo za phapo. Phapo lakumanja lili ndi zigawo 3, chapamwamba, chapakati ndi chapansi. Lakumanzere lili ndi 2. Pakati pa zigawozi pali timizere tolekanitsa, ndipo chibayo cha chigawo chimodzi chikafika pa kamzereko chimaima. Ndiye mbali yomwe chagunda malire chimakhala ndi mzere wakuthwa, koma mbali zina zonse m'mphepete mwake mumakhala mosamveka bwino, kuyera kumangozimiririka pang'onopang'ono kulowa m'kuda.

Chitsanzo chosavuta ndi chigawo chapamwamba chakumanja. Kuyera kumakhala kumtunda, ndipo pansi pake pamadulidwa ndi mzere wopingasa wowongoka, cha pa nthiti yachinayi yakutsogolo. Pansi pa mzerewo phapo ndi lakuda bwinobwino ndipo kona ija ndi yosongoka. Madzi oyenda momasuka sangakhale m'mwamba n'kusiya pansi pouma mwa munthu woimirira. Mukaona chithunzi chotere, nkhani ya madzi yatha.

Kenaka yang'anitsitsani m'kati mwa kuyerako. Pa chibayo, timatumba ta mpweya tadzaza mafinya koma timapaipi tomwe timabweretsa mpweya tikadali ndi mpweya. Choncho mumaona timizere takuda tochita nthambi, tikuchokera cha pakati pa chifuwa n'kumamwazikira m'kati mwa poyerapo. Timizere timeneti tikaoneka, kuyerako kuli m'phapo lenilenilo, chifukwa m'madzi ozungulira phapo mulibe timapaipi. Ndichenjeze pano: kusaoneka kwake sikutsimikiza madzi. Timapaipi tikatsekeka ndi makhololo, timizereti sitioneka ngakhale chili chibayo.

MUULUTSI: Ophunzira ambiri amavutika kudziwa kuti ndi chigawo chiti chomwe chagwidwa. Pali njira?

A DOKOTALA: Ilipo, ndipo ndi yokoma kwambiri. Anaifotokoza bwino ndi dokotala wa zojambula wa ku Cincinnati ku America, Benjamin Felson, mu 1950. Mumatha kuona m'mphepete mwa mtima chifukwa mtima ndi woyera ndipo wagundana ndi phapo lakuda. Phapo logundana nawolo likadzaza mafinya, zoyera ziwiri zimaphatikana ndipo malire amasowa. Ndiye funso ndi lakuti, ndi malire ati amene asowa?

Mbali yakumanja ya mtima imagundana ndi chigawo chapakati. Ikasowa pamene dayafulamu ikuoneka bwino, chibayo chili m'chigawo chapakati chakumanja. Dayafulamu imagundana ndi chigawo chapansi. Ikasowa pamene m'mphepete mwa mtima mukuonekabe, chibayo chili m'chigawo chapansi. Kumanzere, m'mphepete mwa mtima mumagundana ndi kachigawo kotsika kuchokera ku chigawo chapamwamba, ndipo dayafulamu imagundananso ndi chapansi. Kumanzereku musaiwale kusuzumira kuseri kwa mtima. Pachithunzi chabwino mumatha kutsata dayafulamu yakumanzere kudutsa mumthunzi wa mtima mpaka pafupi ndi msana. Ikasowa pamenepo ndipo mtima ukuoneka woyera mopitirira, chibayo chabisala kuseriko. Ambiri chimawaphonya, wodwala n'kuuzidwa kuti chithunzi chake chili bwino.

MUULUTSI: Koma a dokotala, mwanena kuti madzi amabisa dayafulamu, ndipo tsopano mukuti chibayo cha chigawo chapansi chimabisanso dayafulamu.

A DOKOTALA: Mwagwira penipeni. Apa ndi pamene oyamba kumene amagwa, ndipo ngakhale ozolowera amaima kaye. Kuyera kwa m'munsi komwe kwabisa dayafulamu kungakhale chilichonse mwa ziwirizi. Tiyeni tiyerekeze wodwala kuti tione mmene tingachitire.

Bambo wa zaka 34, mlimi wa fodya wa cha ku Nsaru. Wakhala akudwala milungu itatu. Akutsokomola koma makhololo ndi ochepa, usiku amatuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda, ndipo thalauza layamba kumukhwepa. Poyamba ankamva kubaya kunthiti zakumanja akamapuma. Kubayako kwachepa, koma tsopano befu ndiye wakula, sangathe kukwera njinga. Anamwa kale amokisilini masiku asanu osaona kusintha. Akupuma ka 28 pa mphindi. Atumizidwa ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chija anachiyambitsa masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg mu 1959, ndipo ajambulidwa ataimirira.

Pachithunzi palembedwa `PA`, nthiti zakutsogolo zikuwerengeka 6 kumanzere, ndipo sanapotoke. Theka lapansi la mbali yakumanja layera. Dayafulamu yakumanja sikuoneka, kona sikuoneka, m'mphepete mwa mtima kumanja simukuonekanso. Imani pamenepo. Malire onse awiri asowa. Chibayo cha chigawo chimodzi chikanabisa amodzi okha. Tsopano tsatani mzere wapamwamba ndi chala: ndi wosalala, ukukwera cha kukhwapa. M'kati mwa kuyerako mulibe timizere takuda. Pomaliza onani kholingo, mzere wakuda uja wotsika kuchokera kukhosi: lasunthira pang'ono kumanzere, ndipo mtima nawo wakankhidwira komweko.

MUULUTSI: Kusuntha kwa kholingoko kukutanthauza chiyani?

A DOKOTALA: Madzi ndi katundu wowonjezera m'chifuwa, amafuna malo. Akachuluka amakankhira kholingo ndi mtima kumbali yomwe kulibe vuto. Chibayo sichiwonjezera kapena kuchepetsa kukula kwa phapo kwenikweni, choncho kholingo limakhala pakati. Palinso chachitatu chomwe muyenera kuchidziwa ngakhale sitichikamba lero: paipi ya mpweya ikatsekeka, phapo limafwapa n'kuyeranso, ndipo limakokera kholingo kumbali yoyerayo. Zimenezi zimathandiza kwambiri mbali yonse ya chifuwa ikayera kuchokera pamwamba mpaka pansi, pamene mulibe mzere woti muutsate. Kholingo likathawa poyera, ganizirani madzi ambiri. Likalowera koyera, ganizirani phapo lofwapa, ndipo singano ikhale kutali. Likakhala pakati pomwe mbali yonse yayera, pangakhale chibayo cha phapo lonse, kapena madzi pamodzi ndi phapo lofwapa pansi pake monga zimachitikira pa khansa, ndipo wodwala ameneyo aonedwe ndi akuluakulu. N'chifukwa chake ndinati muyambe mwaona ngati wodwala anapotoka.

Tibwerere kwa bambo athu aja. Chithunzi chikunena madzi. Koma musalembe kanthu musanabwerere kwa mwini wake. Muvuleni malaya, mugogode kumsana kuchokera pamwamba kutsika, mukuyerekeza mbali ziwiri. Pamadzi kugogoda kumamveka kogontha kotheratu ndipo chala chimamva kulimba. Ikani chomvetsera: mpweya sukumveka, kapena ukumveka patali. Ikani zikhatho kumsana, mumuuze alankhule mokweza mawu: mbali ya madzi kunjenjemera kwa mawu kumachepa. Pa chibayo ndi zosiyana. Kugogoda kumagonthanso koma osati kwambiri, mpweya umamveka mwaukali ngati mwaika chomvetsera pakholingo, pamamveka kuthetheka, ndipo kunjenjemera kwa mawu kumakula, chifukwa phapo lolimba limadutsitsa mawu bwino. Manja ndi makutu zikagwirizana ndi chithunzi, mwaima pabwino. Zikatsutsana, musasankhe chomwe chakusangalatsani, fufuzaninso.

MUULUTSI: Kufufuzanso kwake kotani?

A DOKOTALA: Njira yabwino koposa ndi sikani, makina omwe aja timayezera amayi oyembekezera. Wodwala akhale tsonga, muike kachipangizoko pakati pa nthiti cha kumsana m'munsi. Pezani chiwindi kumanja kapena kapamba kumanzere, kenaka dayafulamu pamwamba pake. Madzi amaoneka akuda pamwamba pa dayafulamu, nthawi zina nsonga ya phapo ikuyandama m'katimo. Phapo la chibayo limaoneka lotuwa, lofanana ndi chiwindi, lili ndi timadontho towala. Sikani imaona madzi ochepa amene ekisireyi singaone, ndipo imakuonetsani malo enieni obaya. Ku Lilongwe kuno, chipatala cha Lighthouse chakhala chikugwiritsa ntchito ndi kuphunzitsa njira ya sikani yotchedwa FASH, yofufuzira zizindikiro za chifuwa chachikulu mwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo kuyang'ana madzi ozungulira phapo ndi mbali imodzi ya njirayo. Ine ndimalimbikitsa wophunzira aliyense kuti aphunzire kagwiridwe kameneka asanachoke pasukulu.

Sikani ikasowa, pemphani wojambula amugoneke wodwala cham'mbali, mbali yodwalayo ili pansi, n'kumujambula choncho. Madzi omasuka adzayenda n'kuyalana motsatira nthiti. Chibayo chidzakhala pomwe chinali. Mzere wa madziwo ukakhala wokhuthala kupitirira sentimita imodzi, ndi okwanira kuti munthu wophunzitsidwa atengeko ndi singano.

MUULUTSI: Ndiye bambo aja apezeka ndi madzi. Chotsatira?

A DOKOTALA: Atengedwe madzi pang'ono, mamililita 20 kapena kupitirirako, ndi munthu amene anaphunzitsidwa ntchitoyi. Singano imadutsa pamwamba penipeni pa nthiti, chifukwa mitsempha ya magazi imayenda kunsi kwa nthiti iliyonse. Yang'anani mtundu wake. Achikasu oyera ngati udzu wouma, mwa munthu wodwala milungu itatu, wotuluka thukuta usiku ndi kuwonda, ndipo madzi ali mbali imodzi: kwathu kuno choyamba kuganizira ndi chifuwa chachikulu. Kulabu adzapeza mapuloteni ochuluka ndi maselo oyera a mtundu wa limfosaiti. Akatuluka mafinya, sikuti mungopereka mankhwala ayi, pafunika kuika paipi yotulutsira, ndipo ngati simungathe, mutumizeni ku Kamuzu Central tsiku lomwelo. Akatuluka osakanikirana ndi magazi, ganizirani khansa, ndipo musuzumire m'kamwa ndi pakhungu kufuna zilonda zakuda za Kaposi.

Bambo athu ayezedwe HIV, ndipo makhololo apite ku GeneXpert. Madziwonso angapite, koma dziwani kuti m'madzi ozungulira phapo tizilombo ta chifuwa chachikulu timakhala tochepa, kotero makinawa amatiphonya kawirikawiri. Zotsatira zikati sanapeze kanthu, sindiye kuti matenda palibe. Nkhani yonse ikaloza ku chifuwa chachikulu, amayamba mankhwala a miyezi 6, miyezi 2 yoyamba ya mankhwala anayi, miyezi 4 yotsatira ya mankhwala awiri. Ngati befu wakula ndipo mukupopa kuti apume, musapitirire lita imodzi ndi theka nthawi imodzi, ndipo lekani akayamba kutsokomola kwambiri kapena kumva kuwawa pachifuwa.

Ndiwonjezere kamodzi: madzi akakhala mbali zonse ziwiri, mtima ukuoneka waukulu ndipo miyendo yatupa, yambani mwaganizira mtima kapena impso.

MUULUTSI: Bwanji akanakhala kuti bambo omwewo ali ndi chibayo?

A DOKOTALA: Nkhani yawo ikanakhala yaifupi. Masiku atatu, kuyamba mwadzidzidzi ndi kunjenjemera, thupi kutentha kwambiri, makhololo a mtundu wa dzimbiri. Pachithunzi m'munsi mwa kumanja mwayera ndipo dayafulamu yabisika, koma m'mphepete mwa mtima mukuoneka, pamwamba pa kuyerako palibe mzere wokwera kukhwapa, timizere takuda tikuoneka m'kati, kholingo lili pakati. Chibayo chotere kawirikawiri chimayamba ndi kachilombo ka nyumokokasi, komwe katemera wake wa ana anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2011. Chithandizo ndi mankhwala, amokisilini kwa amene ali ndi mphamvu, obaya kwa amene wagonekedwa. Koma chifuwa chachikulu nacho chimatha kuoneka chimodzimodzi, makamaka mwa amene chitetezo chawo chatsika, ndiye makhololo ayezedwebe.

Pali zinthu ziwiri zoti muzikumbukira pa wodwala wa chibayoyu. Choyamba, chithunzi chimachedwa kuchira kuposa munthu. Akhoza kumalima kale pamene phapo likadali loyera, ndipo kuyerako kumatenga milungu 4 mpaka 6 kuti kuthe, mwa okalamba kupitirira apo. Musasinthe mankhwala chifukwa cha chithunzi ngati mwini wake akupeza bwino. Chachiwiri n'chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Matenda awiriwa amayendera limodzi. Chibayo chimatha kubereka madzi pambali pake, ndipo madziwo amasanduka mafinya. Wodwala amene wamwa mankhwala oyenera masiku awiri kapena atatu koma kutentha sikukutsika, mugogodeninso, mumuikenso pa sikani kapena ajambulidwenso. Pachithunzi mungaone zonse ziwiri: timizere takuda kumtunda kwa kuyerako, ndi mzere wokwera kukhwapa m'munsi. Mafinya akachedwa amamangika m'matumba, saonetsanso mzere wokhota uja, amaoneka ngati chotupa choyera chotsamira kunthiti, ndipo sayenda ngakhale mumugoneke cham'mbali.

MUULUTSI: Munatchula za wodwala wojambulidwa atagona. Timalize nayo imeneyo.

A DOKOTALA: Imeneyo ndi msampha waukulu, ndipo imagwera odwala ofooka kwambiri, omwe sitingalakwitse nawo. Munthu akagona chagada, madzi amayalana kumsana. Simuona mzere, ndipo kona ikhoza kukhala yosongoka. Mumangoona mbali imodzi yonse yachita chifunga poyerekeza ndi inzake, koma mitsempha ya phapo ikuonekabe m'chifungamo ndipo timizere takuda ta mpweya mulibe. Ambiri amalemba kuti chibayo, ena amati makina ndiwo analakwitsa. Ngati wodwala angathe kukhala tsonga ngakhale motsamira mapilo, ajambulidwenso atakhala.

Msampha wina ndi kona yofufutika mwa munthu amene anadwalapo chifuwa chachikulu kale. Nembanemba ija inakhuthala n'kumatirira, ndipo idzaoneka choncho moyo wake wonse. Mufunseni ngati anamwapo mankhwala a miyezi 6, muone m'buku lake lachipatala, mumufunse chithunzi chakale. Ndipo mukaona mzere wapamwamba uli wowongoka ndithu, wopingasa osakhota, pamwamba pake pali pakuda popanda mitsempha, ndiye kuti muli madzi ndi mpweya pamodzi kunja kwa phapo. Ameneyo sagona pachipatala chaching'ono, atumizidwe msanga.

MUULUTSI: Masiku ano ambiri amajambula chithunzicho ndi foni n'kutumiza kwa anzawo pa WhatsApp kuti awathandize. Mukuti bwanji?

A DOKOTALA: Kufunsa n'kwabwino, ndipo ndimakondwa wachinyamata akafunsa. Koma chithunzi chikhale pa bokosi lowala kapena pa kompyuta, osati pawindo pomwe mitengo ndi mawaya akuoneka kuseri kwake, chifukwa timizere tomwe tikufuna tija n'tating'ono. Foni iyang'ane molunjika, chifuwa chonse chilowe kuyambira kukhosi mpaka makona onse awiri, chilembo `R` kapena `L` chioneke, ndipo dzina la wodwala libisidwe. Mulembenso zaka zake, masiku amene wadwala, ngati anaimirira kapena anagona, ndi zomwe mwamva pogogoda. Popanda zimenezo, mnzanuyo akungolota.

MUULUTSI: Mawu anu kwa odwala ndi owasamalira amene akumvera?

A DOKOTALA: Mukapatsidwa chithunzi chanu, chisungeni pouma, osachipinda, ndipo muzibwera nacho limodzi ndi buku lanu lachipatala nthawi iliyonse. Ngati mwamwa mankhwala a chibayo masiku atatu koma thupi likutenthabe kapena befu akukula, musadikire kuti mankhwala athe, bwererani kuchipatala. Ndipo akakuuzani kuti akufuna kutenga madzi kunthiti ndi singano, funsani mafunso onse amene muli nawo, koma musathawe, chifukwa madzi amenewo ndiwo amatiuza mankhwala oti tikupatseni.

MUULUTSI: Inu ophunzira ndi anzathu a m'zipatala, pepala mwajambula lija mupite nalo kuntchito mawa, mukaliike pambali pa chithunzi choyamba chomwe mukachione, ndipo mukagogode wodwalayo musanalembe. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)